Pampu ikudontha pakati pa injini ndi chigoba, tikagule sili yanji?

Mayi a Tadala (Chonde): Mwaswera bwanji nonse. Ndine mlembi wa kalabu ya ulimi wothirira kuno m'mbali mwa Thuchila. Pampu yathu yapetulo yayamba kudontha madzi pansi, pamalo pomwe injini yakumana ndi chigoba cha pampu. Poyamba anali madontho chabe, pano akuchita kuchucha, ndipo ikumachedwa kukoka madzi mumtsinje. Tomato wathu ali pa maluwa moti sitingakhalitse osathirira. Tikufuna titume mnyamata ku Limbe kukagula chosinthira, koma sitikudziwa kuti akanene chiyani. Ndatumiza zithunzi ziwiri, china cha pathanki china cha kapuleti kali pafelemu. Ndalama zake ndi zosonkherana, chonde tithandizeni tisakagule chinthu chodzangosunga m'nyumba.

Achimwene a ku Bvumbwe: Imeneyo ndi sili mayi, palibenso china. Pathankipo palembedwa 7.5HP, ndipo kukamwa kwake ndikuona kuti ndi kwa mainchi atatu. Mnyamatayo akangonena kuti sili ya pampu ya mainchi atatu, akampatsa. Injiniyo ndikuwerenga 188F.

Aphunzitsi (Goliati): Chithunzi chachiwiricho chawala pakati chifukwa cha dzuwa. Ndachikulitsa pafoni, zomwe ndikutha kuwerenga ndi izi:

```
MODEL         WP30
INLET/OUTLET  80 mm (3")
MAX HEAD      28 m
SUCTION       7 m
MAX FLOW      60 m3/h
ENGINE        1?8F-1
DISPLACEMENT  196 cc
OIL           0.6 L
SPEED         3600 rpm
```

Pamene ndaika chizindikiro chofunsirapo ndi pomwe pawala. Ikhoza kukhala 6, ikhozanso kukhala 8.

Amakaniko (Chitakale): Zikomo aphunzitsi, mwatipeputsira ntchito. Achimwene a ku Bvumbwe, pa sili mwalasa, koma 188F ayi. Nambala imeneyi ili ndi tanthauzo lake. Pa injini zochokera ku China zimenezi, 1 woyambayo akunena kuti silinda ndi imodzi, manambala awiri otsatirawo ndi kukula kwa kukamwa kwa silinda m'mamilimita, ndipo F akunena kuti injini imazizira ndi mphepo, si madzi. Ndiye 168F ili ndi pisitoni ya mamilimita 68, 170F ya 70, 188F ya 88.

Tsono ngakhale nambala yawala, mizere ina ya pakapuletipo ikutiuza yankho. 188F ndi chinjini chachikulu cha 389 cc, chimamwa oyilo wopitirira lita imodzi, ndipo munthu mmodzi amavutika kuchinyamula. Apa alemba 196 cc ndi oyilo 0.6 L. Zimenezi ndi za 168F-1, yomwe anaitengera pa Honda GX200. Nambala imodzi ikakukayikitsani pachithunzi, musamalimbane nayo yokhayo, muziifunsa kwa anzake omwe ali pamizere yoyandikana nayo.

Achimwene a ku Bvumbwe: Nanga 7.5HP yo? Sindinaipeke ine, ili pathanki poonekeratu.

Amakaniko (Chitakale): Ilipodi, koma ndi sitika yogulitsira malonda. Injini ya 196 cc imawerengedwa kuti ndi ya mahosipawa 6.5, ndipo sitika siyiwonjezera mphamvu. Komanso thanki ndi chikuto cha chingwe cholizira zimasinthidwa kawirikawiri, anthu amachotsa pa injini ina kuika pa ina, sitika nkupita nazo limodzi. Ine pogula sipeya sindiyang'ana pathanki. Ndimayang'ana nambala yodindidwa pachitsulo cha injini penipenipo, cham'munsi m'mbali mwa bulokoyo, kufupi ndi pothirira oyilo. Imeneyo siyisendeka.

Mayi a Tadala, pukutani pamenepo ndi kansanza konyowetsa petulo pang'ono, injini itazizira. Mukatero pakanipo choko kapena makala nkupukuta pamwamba pokha kuti zotsalira zikhale m'mizere ya manambala. Pojambula musayatse kuwala kwa foni, ndipo muimike foni chapambali pang'ono, osati molunjika. Mukhale pamthunzi.

Mayi a Tadala (Chonde): Tachita monga mwanenera, tapaka choko cha ana asukulu. Zaoneka bwinobwino, ndi 168F-1, kenako pali manambala ena ambiri pansi pake. Ndiye mnyamata akanene kuti sili ya 168F-1?

Amakaniko (Chitakale): Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Makina amenewa ndi awiri omangidwa pamodzi. Pali injini, pali pampu. Nambala ya 168F-1 ikuthandizani tsiku lomwe mudzafune pulagi, kabuleta, maring'i, gasiketi kapena koyilo. Koma sili, impela yomwe imazungulira nkukankha madzi, komanso mphira wa chigoba ndi za mbali ya madzi, ndipo dzina la mbali imeneyo ndi WP30. Manambala ambiri ali pansiwo ndi a injini yanu yokhayo monga inatulukira kufakitale, wamushopu sachita nawo kanthu.

Vuto ndi lakuti WP30 si dzina la kampani imodzi. Mafakitale ambirimbiri amalemba WP30 pa pampu iliyonse ya mainchi atatu, monganso amalembera WP20 pa ya mainchi awiri. Kunja zimafanana, mkati zimasiyana. Ndatsegulapo ziwiri zolembedwa WP30 zonse, ina shafiti yake pamene pamadutsa sili inali ya mamilimita 16, inayo 20. Ndiye kapuleti kakutifikitsa pakhomo pokha. Kuti tilowe m'nyumba, pampu itsegulidwe, sili yakale ituluke, iyezedwe.

Achimwene a ku Bvumbwe: Ine yanga ndinangonena mainchi atatu ndipo inalowa bwinobwino. Chaka chachiwiri chino ikugwirabe ntchito.

Bambo a Chikondi (Luchenza): Inu munachita mwayi achimwene. Ife pa shopu ina anatipatsa yomwe ankati ndi ya mainchi atatu, kufika nayo kumunda kachitsulo kake kakunja kanali kochepa, kamangogwedera m'malo mwake. Kubwerera nayo anakana kulandira ati paketi yatsegulidwa. Thiransipoti inadya ndalama zoposa mtengo wa siliyo.

Koma mayi, pamene mukudikira, bwanji osangomata kabowo komwe kakudonthako ndi phula lija lomatira zitsulo? Mnzanga wina anatero, anathirira mpaka kukolola.

Amakaniko (Chitakale): Chonde mayi musamate. Kabowo kameneko sikanabooke, anakasiya dala. Ntchito yake ndi kutaya madzi omwe apyola pa sili asanafike pa injini. Kuseri kwake kuli sili ina yamphira yomwe imatsekera oyilo pa shafiti, ndipo imeneyo anaipanga kuti iletse oyilo kutuluka, siyilimbana ndi madzi okankhidwa mwamphamvu. Mukamata, madzi asowa kolowera, alowa mu injini. Bering'i ichita dzimbiri, oyilo asanduka ngati tiyi wamkaka, kenako mukhala mukugula kilankishafiti mmalo mwa kasili kotchipa.

Ndipotu musanachite china chilichonse, tsegulani pothirira oyilo muone mtundu wake. Akakhala wakuda kapena wofiirira, zili bwino. Akakhala wotuwa, mundiuze.

Mayi a Tadala (Chonde): Oyilo ndi wakuda ndithu, sanatuwe. Koma tandiuzani, chimene chaononga siliyo nchiyani? Pampuyi siyinakhalitse kwenikweni.

Amakaniko (Chitakale): Zimene zimapha sili ndi ziwiri, kuliza pampu mulibe madzi, ndi mchenga. Siliyo ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi kamphete koyera kolimba ngati mbale yadothi, ina ndi kamphete kakuda kokhala pa sipuling'i. Nkhope ziwirizi zimakhudzana, ina ikuzungulira ina ili chiimire, ndipo chimene chimaziziziritsa ndi madzi omwe ali m'chigobamo. Injini ikuzungulira maulendo 3,600 pa mphindi, ndiye mukailiza chigoba chili chouma, pakangopita kanthawi kochepa nkhopezo zimatentha, mphira wake nkupsa. Madzi ozizira akafika mwadzidzidzi koyerako kamatha kung'aluka. Mukatsegula mudzaona nokha. Kakang'aluka kapena mphira akauma nkuchita khwirikhwiri, ndiye kuti inalizidwa youma. Mukaona mizere yozungulira yokandika pankhope, umenewo ndi mchenga.

Kuchedwa kukoka madzi komwe mwanenako nakonso kukugwirizana ndi sili. Pomwe madzi akutulukira pampu ikamakankha ndi pomwenso mpweya umalowera ikamakoka.

Mayi a Tadala (Chonde): Apo ndiye zamveka. Pakalabu timalandirana, aliyense ali ndi tsiku lake, ndipo si onse amakumbukira kudzaza madzi pakachivundikiro kapamwamba asanalize. Komanso mtsinje waphwa, sefa ya paipi ikumagona pamchenga penipeni.

Agogo a Yamikani (Nkando): Sefayo muziiika mu ndowa yakale kapena mu dengu, nkumiza ndowayo m'madzi mutaikamo mwala. Ikatero imamwa madzi apamwamba, mchenga umatsala pansi. Ife kuno timatero mtsinje ukaphwa chaka chilichonse.

Wa pa Limbuli: Pepani ndilowererepo. Ine ndili ndi jenereta yomwe inapsa mawaya amkati, koma injini yake ndi yabwinobwino, imalira kamodzinkamodzi. Ndayang'ana pachitsulo monga amanenera amakaniko, yalembedwa 168F-1 yomweyo. Mayi ngati injini yanu yatopa, bwerani mudzatenge iyi pamtengo wabwino mukangomangirira.

Aphunzitsi (Goliati): Injini yawo siyinatope achimwene, vuto lili kumbali ya madzi.

Amakaniko (Chitakale): Nzoona, injini ya mayi ilibe mlandu. Koma nkhani mwabweretsayi ndi yofunika chifukwa ena amagula injini motero nkukagwira njakata. Nambala 168F-1 ikunena za silinda ndi pisitoni, siyikunena za nsonga ya shafiti yomwe yatulukira kunja. Ya pajenereta nsonga yake imanka nichepa chakumapeto kuti ilowe mothina mu chozungulira cha magetsi. Ya papampu zambiri zamtunduwu ili ndi mazinga, impela imachita kupotokoleredwa pomwepo ngati nati. Ya ntchito zina, monga yoyendetsa lamba, ndi yowongoka yokhala ndi mpata wa kiyi. Ndiye injini ya jenereta siyingalandire impela pokhapokha musinthe kilankishafiti, nthawi zinanso ndi chivundikiro cha mbali imeneyo chifukwa mabowo a mabauti amasiyana.

Chinanso, ya jenereta anaitchera kuti izizungulira maulendo 3,000 pa mphindi kuti ipereke 50 Hz ya magetsi athu kuno, pamene ya pampu imafika 3,600. Zomwe mungachotse pa yanuyo nkugwira ntchito pa ya mayi ndi monga pisitoni, koyilo, mavavu ndi chingwe cholizira. Musaitaye, ndi nkhokwe ya masipeya.

Wa pa Limbuli: Chabwino ndamva. Nanga poti muli pompano, ndili ndi inanso yomwe ndimagwiritsa ntchito pa shopu yometera. Ikulira bwino koma magetsi sakutuluka. Ena akuti ndi AVR, kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi. Pambali palembedwa 3800 ndi zilembo zikuluzikulu. Ndikagule AVR ya 3.8 kW? Ku Milanje kutsidyaku zimapezeka.

Amakaniko (Chitakale): 3800 yo ndi dzina la mtundu wake chabe, ili ngati 7.5HP ya pathanki ya mayi. Funani kapuleti kakang'ono pomwe alemba RATED POWER kapena RATED OUTPUT. Ngati injini yake ndi ya 196 cc, mupeza kuti alemba pakati pa 2 ndi 3 kW, chifukwa injini yotere siyingapereke zoposa pamenepo kwa nthawi yaitali. Mzere wa MAX POWER ndi wa kanthawi kochepa, osauwerengera.

Koma musanagule, tsegulani chivundikiro chakumbuyo muone makala awiri aja okhudza pa mphete zamkuwa. Akatha kapena kasipuling'i kake kakathyoka, magetsi amasowa chimodzimodzi, ndipo makala ndi otchipa kuposa AVR. Onaninso kaswitchi kodzitchinjiriza kali kutsogolo ngati sikanagwe. Zikakhala kuti zonsezo zili bwino, masulani AVR yakaleyo mupite nayo. Muwerenge mawaya ake, muone pulagi yake ili ndi mano angati, muyeze kutalikirana kwa mabowo awiri a mabauti, ndiponso muwerenge nambala ili pa kapasita yomwe yatulukira pamsana pake. Pa majenereta ang'onoang'ono otere kawirikawiri pamalembedwa 220uF 250V, pa akuluakulu a 5 kW kupita mtsogolo 470uF 250V. Tumizani chithunzi cha kapuletiko tione kaye, tisasokoneze nkhani ya mayi.

Aphunzitsi (Goliati): Ndibwerere pa kapuleti ka pampu, pali chomwe chikundisokoneza. Alemba MAX HEAD 28 m ndi MAX FLOW 60 m3/h. Ine ndimamva ngati akunena kuti imakweza madzi malita 60,000 pa ola kufika mamita 28 m'mwamba. Ngati ndi choncho, ndiye mayi akhoza kuyeza madzi omwe akutuluka, akachepera pamenepo ndiye kuti impela nayo yatha, agulire limodzi paulendo womwewu.

Amakaniko (Chitakale): Ganizo loyeza madzilo ndi labwino aphunzitsi, koma manambala awiriwo sachitika nthawi imodzi. Malita 60,000 pa ola amatuluka pampu ili m'mphepete mwa madzi penipeni, ikungotaya pomwepo popanda chitunda kapena paipi yaitali. Mamita 28 ndi pamene madzi amafika nkuima, osatulukanso ngakhale dontho. Ntchito yeniyeni imachitika pakati pa ziwirizi, mukakweza chitunda madzi amachepa.

Mayi a Tadala, pampu imakhala pamwamba bwanji kuchokera pamadzi, ndipo munda uli pamtunda wotani?

Mayi a Tadala (Chonde): Pano poti madzi atsika, kuchokera pamadzi kufika pomwe timaika pampu ndi ngati mamita atatu. Kuchoka apo kukafika kumunda wakumtunda kwenikweni, alangizi anatiyezera kuti ndi mamita 12 kukwera. Mapaipi ndi a mainchi atatu poyambira, koma kumapeto tinalumikiza a mainchi awiri chifukwa ndi omwe tinali nawo. Onse pamodzi akhoza kukwana mamita 150.

Amakaniko (Chitakale): Ndiye tiwerenge. Mamita atatu okoka kuphatikiza 12 okankha ndi 15. Pa mamita 28 aja, opitirira theka apita kale madzi asanayambe nkuyenda komwe. Kenako madzi akamayenda amakhulana ndi paipi, ndipo ya mainchi awiriyo imadya mphamvu yambiri kuposa ya atatu, kangapo konse. Choncho kumunda wakumtundawo, ngakhale pampu itakhala yatsopano, musayembekezere zoposa theka la zomwe zalembedwa, mwinanso kucheperapo ndithu.

Kuyeza kwake nkosavuta. Malita 60,000 pa ola ndi malita 1,000 pa mphindi, kutanthauza kuti diramu ya malita 200 ikanadzadza pa masekondi 12. Ikadzadza pa masekondi 30, ndiye kuti mukulandira malita 400 pa mphindi, omwe ndi 24,000 pa ola, ndipo pa chitunda chanucho nambala yotere siyingandidabwitse. Ngati mukufuna kuweruza impela, yezerani pafupi ndi mtsinje ndi kapaipi kakafupi, sili itasinthidwa kale. Kuyeza pano ikuyamwa mpweya kungainamizire impela mlandu.

Achimwene a ku Bvumbwe: Pa SUCTION 7 m po ndiye ndikuchitireni umboni. Kwathu kuno chitsime changa madzi akatsika kupitirira mamita asanu ndi limodzi imangolira osakoka, pamene kapuleti kakuti 7.

Amakaniko (Chitakale): Eya, chifukwa 7 yo anayezera malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Chimene chimakankhira madzi mu paipi yokokera ndi kulemera kwa mpweya, ndipo kumtunda mpweya umapepuka. Malo okwera ngati kwanuko, opitirira mamita 1,000, mumataya pafupifupi mita yathunthu. Palibe sipeya yomwe ingakonze zimenezo, koma kutsitsa pampu kufupi ndi madzi.

Mayi a Tadala (Chonde): Anyamata afika ndi masipanala. Tiuzeni katsegulidwe kake tisathyole kanthu.

Amakaniko (Chitakale): Yambani mwachotsa kapu ya pulagi kuti injini isalire mwangozi, mutseke petulo, mutsegule kachivundikiro kapansi madzi atuluke. Masulani mabauti omwe agwira chigoba chakunja. Chikachoka muona mphira wamkulu wozungulira m'mphepete, muusunge bwino. Mkati muli chigoba china chaching'ono chachitsulo chonga nkhono, chimangosolola. Kuseri kwake ndi komwe kuli impela.

Yang'anani pakati pa impela. Mukaona bauti, masulani bautiyo kaye. Mukapanda kuona bauti ndiye kuti ndi yamazinga, imamasuka mozungulira kumanzere monga nati wamba. Mmodzi achotse chikuto cha chingwe cholizira agwire nati ya fulayiwilo ndi sipanala, wina aike kamtengo pa phiko la impela nkumenya kamtengoko ndi hamala pang'onopang'ono. Osamenya chitsulo pachitsulo, impela zimenezi ndi zachitsulo chosweka msanga. Ikatuluka, onetsetsani tiwashala topyapyala tomwe timakhala kuseri kwake. Timeneto ndi toyezera mpata pakati pa impela ndi chigoba, muwerenge kuti tilipo tingati ndipo tidzabwerere momwemo.

Pa zambiri zamtunduwu kamphete koyera kamakhala kumsana kwa impela, ndipo mbali ya sipuling'i imakhala yokhomeredwa m'chivundikiro chomwe chamangidwa ku injini. Jambulani musanachotse kuti mudzakumbukire kayang'anidwe kake.

Mayi a Tadala (Chonde): Zatheka. Inalibe bauti, yamasuka kumanzere. Tiwashala tilipo tiwiri, ndatimanga pa kansalu. Kamphete koyera kang'aluka pawiri, ndipo kakudako kali ndi mizere yozungulira. Ndiye zonse ziwiri munanena zija zilipo. Koma choyezera chija cha amakaniko tilibe, tili ndi tepi yoyezera mizere kumunda.

Amakaniko (Chitakale): Tepi siyingasiyanitse bwino mamilimita ochepa chonchi. Gwiritsani ntchito masipanala okamwa. Yesani kulowetsa sipanala 17 pa shafiti, pamalo osalala kuseri kwa mazinga. Ikalowa nkumagwedera pang'ono, shafitiyo ndi ya 16. Ikakana yesani 19. Ikalowa mothina, ndi ya mamilimita 19, yomwe ena amaitchula m'mainchi. Ikakananso 19, ndiye kuti ndi 20.

Komabe nambala imeneyi ndi imodzi mwa zitatu. Pakufunikanso kukula kwa kunja kwa kachitsulo kokhomeredwa m'chivundikiro, komwe kanawavuta bambo a Chikondi, ndi kukula kwa kunja kwa kamphete koyera pamodzi ndi mphira wake. Pa zimenezi musavutike nkuyeza. Mnyamatayo anyamule zidutswa zonse za sili yakale, anyamulenso impela yeniyeniyo. Akafika mushopu aike yatsopano pambali pa yakale, ayese kamphete koyera kumsana kwa impela asanapereke ndalama. Mashopu ambiri a masipeya amakhala ndi veniya, choyezera cha amakaniko chija, apemphe amuyezere akuona. Agule mbali zonse ziwiri, kusintha imodzi yokha sikukhalitsa chifukwa nkhope yakale imadya yatsopano.

Mayi a Tadala (Chonde): 17 yalowa ndipo ikugwedera pang'ono. Ndiye 16. Koma taonani chithunzi ichi, phiko limodzi la impela labenthuka kunsonga, kachidutswa kake ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

Bambo a Chikondi (Luchenza): Pitani nayo kwa owotcherera adzazepo nkupala. Ife tinatero ndipo inagwira.

Achimwene a ku Bvumbwe: Ayi, gulani yatsopano kamodzi. Phiko likabenthuka impela imalemera mbali imodzi, imagwedeza shafiti, sili yatsopanoyo siyikhalitsa. Poti mnyamata akupita kale ku Limbe, ulendo ukhale umodzi.

Amakaniko (Chitakale): Apa achimwene a ku Bvumbwe akunena zoona pa kugwedezako, koma kuwotcherera nakonso kumabweretsa vuto lomwelo ngati wowotchererayo wadzaza kwambiri, ndipo chitsulo chamtunduwu chimakonda kung'aluka m'mbali mwa pomwe pawotchedwa. Pachithunzipa kubenthukako kukuoneka kochepa. Zikanakhala kwa ine, ndalama zili zochepa, ndikanangosalaza ndi fayilo nkubwezera, nkumamvetsera ngati ikunjenjemera kuposa kale. Koma chithunzi sichindionetsa ngati pali mng'alu wopita mkati. Itsukeni, muikoloweke pa chingwe, muigogode ndi sipanala. Yabwino imalira ngwee, yong'aluka imalira mogontha.

Mukaganiza zogula, dzina la WP30 silikwaniranso. Ifanane mazinga, kukula kwake kuchokera mbali ina kufika ina, kutalika kwa mapiko ndi chiwerengero chake, komanso malo okhala kamphete koyera. Ikasiyana kutalika kwa mapiko imakhula chigoba chamkati kapena kusiya mpata waukulu, madzi nkumangozungulira momwemo. Nchifukwa chake nthawi zina zimagulidwa pamodzi ndi chigoba chamkaticho.

Agogo a Yamikani (Nkando): Ine ndikanagula. Nyengo ino dzuwa likuswa mtengo, ikadzathyoka pakati pa sabata tomato sadikira munthu. Koma thumba ndi lanu, mukambirane pakalabu.

Mayi a Tadala (Chonde): Taigogoda, ena akuti yalira bwino ena akuti ayi. Tikumana madzulo ndi komiti tione ndalama zilipo. Pakali pano ndalemba kuti mnyamata akagule sili yathunthu ya 16 atanyamula yakale ndi impela. Pali chinanso chofunika tiwonjezere?

Amakaniko (Chitakale): Muone mphira wamkulu wa chigoba uja, ngati waphwatalala kapena wauma anyamulenso akagule wofanana. Onaninso kamphira kokhala ngati lilime komwe kali polowera madzi, kakang'ambika pampu imataya madzi ake mukangoizimitsa. Poti injini taidziwa, akhoza kutengeratu pulagi yosungira. Zimabwera ndi F7RTC kapena F7TC, ndipo ya NGK yolowa pamenepo ndi BPR6ES, mpata wa kunsonga kwake ukhale pakati pa mamilimita 0.7 ndi 0.8. Maring'i ndi pisitoni musagule pano. Tsiku lomwe mudzazifune mudzanene 196 cc, chifukwa 168F yopanda 1 kumapeto kawirikawiri imakhala ya 163 cc, kukamwa nkofanana koma pisitoni ndi kilankishafiti zimasiyana.

Pomanga, pukutani bwino malo okhala sili, muchotse dzimbiri. Mphira muunyowetse ndi madzi a sopo kuti ulowe mosavuta, girizi kapena oyilo ayi. Nkhope ziwiri zosalalazo musazigwire ndi zala zakuda, ndipo koyerako mukakanikize ndi zala mutaphimba kansalu koyera, osamenya. Kachitsulo ka mbali ya sipuling'i mukalowetse ndi kapaipi kogunda m'mphepete mokha, kalowe mowongoka. Bwezerani tiwashala tiwiri tija, mangani impela, kenako kokani chingwe pang'onopang'ono kapu ya pulagi ili yochotsa, mumve ngati pali pokhula. Mukadzaza madzi m'chigoba mpaka kusefukira, ndi pomwe mulize.

Wa pa Limbuli: Amakaniko, ndapeza kapuleti ka jenereta kaja, kanabisika kuseri kwa felemu. Alemba RATED POWER 2.5 kW, 230 V, 50 Hz. Ndatsegulanso kumbuyo, khala limodzi latsala kachidutswa kakang'ono, linalo likadali lalitali.

Amakaniko (Chitakale): Yambani ndi makalawo, amagulitsidwa awiri pamodzi ndi kopachikira kake. Musanazule mawaya muike chizindikiro kuti wa + unali mbali iti, mukawatembenuza magetsi satuluka ngakhale makala ali atsopano. Mphete zamkuwazo muzipukute ndi sandipepa yosalala kwambiri. Koma kutha kwa khala limodzi lokha kukundikayikitsa, muone ngati mphete ya mbali imeneyo siyinakumbike, ndipo mugwedeze nsonga ya shafiti ndi dzanja mumve ngati bering'i yakumbuyo ilibe mpata.